Masiku 9 m'selo koma kukhoti sanapite, kodi habeyasi kopasi ija ingatithandize?

MaiChiko_Kapata
Abale ndithandizeni nzeru mutu wanga waima. Mlongo wanga amayendetsa njinga yamoto ya kabaza, pa Chinayi sabata yatha anatenga kasitomala ali ndi makatoni awiri kumupereka ku Mchini, kasitomala analipira nkupita. Madzulo ake apolisi anabwera kudzamutenga ati m'makatoni muja munali mabatire a sola obedwa pa shopu ina m'tauni. Lero ndi pa Chisanu, tsiku la 9 ali m'selo. Kukhoti sanapite, mlandu sanamuuze bwinobwino, bondi akukana ati wapolisi amene anamugwira anapita kumaliro ndiye tidikire abwere, mawa lake ati tikufufuza kaye mwini makatoni. Ine tsiku ndi tsiku ndi kontena ya nsima kupita kupolisi, bizinesi yanga pamsika yaima. Munthu wina kutchalitchi wandiuza kuti kuli chinthu chimatchedwa habeyasi kopasi chotulutsira munthu, ine sindikuchidziwa nkomwe, amagula kuti, amalembetsa kwa ndani?

WaKuLundazi
Amenewo aphwanya lamulo basi. Maola 48 akakwana munthu ayenera kumasulidwa, palibe zokambirana. Pitani mukawauze choncho mokweza mawu muona athawa okha.

Mphangwe77
Kkkk mokweza mawu pa kauntala ya polisi? Mukufuna kontena ya nsima ikhale ya anthu awiri inu

AnaPhiri_Magazine
Pepani asisi koma kopasi si zija za mitembo? Ine ndimamva kopasi kopasi nthawi imene tinkatenga thupi la amalume kumotchale. Mwina munthuyo sanamve bwino anaganiza kuti mlongo wanu watisiya, Mulungu atalikitse

Kalaliki_Wakale
AnaPhiri mwayandikira koma mwaphonya pang'ono. Mawuwo ndi a Chilatini, pa pepala amalemba kuti habeas corpus, ndipo thupi limene likunenedwalo ndi la munthu wamoyo. Tanthauzo lake lili ngati kunena kuti "bwera nayeni munthuyo pano ndimuone". Ine ndinakhala zaka zambiri ndikulandira mapepala ku rejisitiri ya khoti ndiye ndinene zimene ndinaziona.

Mai Chiko, sichigulidwa pa kauntala ayi. Ndi pempho limene limapita kwa jaji wa Hayi Khoti, ndipo mwayi wanu Hayi Khoti ilipo konkuno ku Chipata simufunika basi ya ku Lusaka. Inu mumamuuza jaji kuti pali munthu wakuti, akusungidwa pamalo akuti kuyambira tsiku lakuti, ndipo sitikuona lamulo limene likuwalola kumusunga. Jaji akaona kuti zikumveka amalamula amene akumusungayo kuti abwere naye kukhoti pa tsiku lakuti, komanso afotokoze polemba kuti akumusunga ndi mphamvu yanji. Apa ndi pamene pali kukoma kwake. Si inu amene muyenera kutsimikiza kuti mlongo wanu ndi wosalakwa. Ndi iwo amene ayenera kuonetsa pepala kapena lamulo lowalola kumutsekera. Akalephera jaji amati munthuyu atuluke.

MaiChiko_Kapata
Zikomo atate. Ndiye kuti jaji akamva kuti iye anangonyamula chabe kasitomala mlandu watha?

Kalaliki_Wakale
Ayi amai, apa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwa ndiye ndikuuzirenitu. Jaji tsiku limenelo safunsa zoti mabatire anaba ndani, makatoni anali amtundu wanji, kaya mlongo wanu ankadziwa kapena ayi. Funso lake ndi limodzi: kodi kumusunga kumeneku lamulo likulola? Za kuba zija zidzakambidwa kwa majisitireti tsiku lina ngati amutsegulira mlandu. Munthu atha kutuluka lero ndi habeyasi kopasi, sabata yamawa nkumuitana kukhoti pa nkhani yomweyo ya mabatire, ndipo palibe cholakwika pamenepo.

WaKuLundazi
Koma zoti maola 48 zija ndi zoona akulu, musazungulire

Mchinji_Boda
48 ndi kwathu kuno ku Malawi achimwene, zili mu gawo 42 la konsitityushoni yathu. Kwanuko sindidziwa. Mwina mumamvera kwambiri mawailesi athu kkk

Kalaliki_Wakale
A Mchinji anena zoona za kwawo. Kuno konsitityushoni yathu pa Atikolo 13 sinaike nambala ya maola, imangoti munthu wogwidwa auzidwe chifukwa chake msanga m'chiyankhulo chimene akumva, ndipo ngati samutulutsa apite naye kukhoti mosachedwetsa. Nambala imene ndimaidziwa ili m'buku la kayendetsedwe ka milandu, Chaputala 88 gawo 33, ndipo ndi maola 24. Limati munthu akagwidwa popanda walanti ndipo zikuoneka kuti sizitheka kupita naye kukhoti m'maola 24, mkulu wa polisi pamalopo aione nkhaniyo, ngati si yoopsa amutulutse pa bondi, ngati akumusungabe apite naye kukhoti mwamsanga mmene kungathekere. 48 ija imayenda kwambiri m'kamwa mwa anthu ndi mwa akuluakulu a boma. Koma tisalimbane, kaya 24 kaya 48, munthu uyu ali pa tsiku la 9. Ndipo chimene mwalakwitsa a Lundazi ndi choti maola akakwana chitseko chimatseguka chokha. Sichitseguka. Pafunika wina wochikankha.

Bwana_Litaya
Ine ndinavala yunifolomu zaka zambiri ndisanapume ndiye ndilankhuleko, musandigende. Nthawi zina si nkhanza ayi. Wofufuza ndi mmodzi ali ndi madoketi mulu, galimoto ilibe mafuta, doketi iyenera kupita kwa oimira boma pa milandu kuti aione isanalowe kukhoti, ndiye masiku amathamanga. Komanso ukamutulutsa wa kabaza uja ndiye yekha amene anaona nkhope ya mwini makatoni, akathawira ku Malawi kudzera njira za m'tchire kuseri kwa Mwami, mwini shopu adzati apolisi adya ndalama. Koma ndivomereze, zoti wogwira anapita kumaliro si chifukwa. Bondi amene ali ndi mphamvu yopereka ndi ofisa-ini-chaji, osati amene anagwira yekha. Mai Chiko musathere nthawi pa kauntala, pemphani kuonana ndi mkuluyo mwaulemu, mupite ndi anthu awiri oti amuimirire ali ndi mareji awo, ngati ali pa ntchito atenge makalata a kuntchito kwawo. Ndipo bondi ya polisi ndi yaulere.

Mphangwe77
Yaulere pa positala ya pakhoma bwana. Ine msuweni wanga anatuluka tsiku lomwelo titapereka ka "mafuta". Mai Chiko pezani kenakake basi, za majaji izi ndi za anthu a masuti

MaiChiko_Kapata
Wina anandinong'oneza kale panja kuti K1,500 zitha lero lomwe. Ndilibe, ndipo olo ndikanakhala nayo ndikuopa

Bwana_Litaya
Musapereke. Ambiri onong'oneza panja aja sali ndi kiyi ya selo nkomwe, adya ndalama yanu mawa mudzamva kuti anasinthidwa shifiti. Ndipo mukagwidwa mlandu wa ziphuphu ndi wanu inunso.

Nyamazai_Petauke
Ine zinandichitikira zosiyana pang'ono. Amuna anga anali ndi ngongole ya fetereza kwa munthu wina wa ndalama zake, iwo atapita ku Lusaka kukasaka ganyu, apolisi anabwera kudzanditenga ine ati ndikhale m'kati mpaka mwini ngongole aonekere. Masiku 4 ndili ndi mwana woyamwa. Ndinatuluka apongozi atagulitsa mbuzi ziwiri. Mpaka lero ndikaona galimoto ya polisi m'mimba mumatentha. Kodi chimenechi chikanandithandiza ine kapena ndi cha okhawo amene akuwaganizira mlandu?

Kalaliki_Wakale
Nyamazai yanuyo ndiye yeniyeni imene habeyasi kopasi inapangidwira, yoposa ya mlongo wa Mai Chiko. Tangoganizani mkulu wa polisi ataima pamaso pa jaji, afunsidwa kuti mai uyu mukumusungiranji, ayankha kuti chiyani? Kuti tikudikira mwamuna wake? Palibe lamulo lolola kugwira mkazi m'malo mwa mwamuna, kapena mayi m'malo mwa mwana, munthu si chikole. Ndipo ngongole wamba pakati pa anthu awiri ndi nkhani yokasumirana kukhoti, si ya selo. Vuto ndi loti masiku 4 muli ku mudzi, loya ali kutali, mbuzi ili pafupi. Ndi chifukwa chake mbuzi zimapita.

Komanso dziwani kuti sichigwira apolisi okha. Aliyense wotsekera mnzake popanda lamulo atha kuitanidwa, kaya ndi ndende imene ikusungabe munthu masiku ake atatha, kaya ndi chipatala cha munthu chimene chikukaniza wodwala kutuluka chifukwa cha bilu.

WaKuLundazi
Nanga mfumu ikamanga munthu pa mtengo ati ndi mfiti?

Mphangwe77
Imeneyo kaifunseni nokha ku Lundazi komweko ife tilibe mbali kkkk

Gogo_wa_UNIP
Ana inu mukuona ngati izi ndi zatsopano. Ife tinakhala pansi pa lamulo la zadzidzidzi kuyambira 1964 mpaka 1991, munthu ankatha kutsekeredwa ndi siginecha ya Pulezidenti popanda mlandu kukhoti, ndipo chimene maloya ankathamangira ndi habeyasi kopasi yomweyi. A Simon Kapwepwe anatsekeredwa mu 1972, nkhani yawo inafika kukhoti koma khoti silinawatulutse, chifukwa boma linali ndi lamulo m'manja loliloleza. Chimene ankapulumukira ena ndi pamene boma laphonya ndondomeko, monga kusamupatsa munthu zifukwa zolembedwa m'masiku 14. Kenako dziko linatembenuka, a Kaunda eniake anatsekeredwa pa Khirisimasi mu 1997 pambuyo pa za Kaputeni Solo zija zoyesa kulanda boma, maloya awo nawonso nkumathamangira kukhoti komweko. Ine ndinali wa chipani ndithu koma ndinati chaona mnzako chapita.

Jaivi_Navutika
Agogo mwayamba ndale manje. Nanga a masiku ano akuchita bwino? Tisayambe

Adimini_KumMawa
Ndale ayi chonde, gulu lino tinagwirizana. Mai Chiko ali ndi munthu m'selo. Wobweretsa za zipani ndimuchotsa.

Gogo_wa_UNIP
Si ndale mwanangu ndi mbiri. Ndionjeze imodzi ndikhale chete. Mu 1996 Nyumba ya Malamulo inatumiza kundende atolankhani a The Post, a Fred M'membe ndi a Bright Mwape, ati ainyoza. Hayi Khoti inawatulutsa pa habeyasi kopasi. Ndiye ngati inatheka pa Palamenti, pa selo ya mabatire a sola singalephere.

MaiChiko_Kapata
Agogo zikomo koma aja anali ndi maloya awo. Ine ndigulitsa tomato ndi kapenta. A Kalaliki ndiuzeni chochita pa Mande m'mawa, mwendo woyamba ndiponde kuti

Kalaliki_Wakale
Chabwino. Lero ndi mawa musagone, chitani zimene anena a Bwana_Litaya, kapempheni bondi kwa mkulu muli ndi okuimirirani awiri. Akapereka nkhani yatha, simufunikanso jaji. Akakana musakangane nawo, mungolemba m'kabuku tsiku, nthawi, amene mwalankhula naye ndi mawu amene wayankha. Kukana kumeneko ndi umboni wanu.

Pa Mande pitani ku ofesi ya Ligo Edi Bodi konkuno ku Chipata, ndi maloya a boma othandiza anthu amene sangakwanitse loya wolipira. Adzakufunsani za kapezedwe kanu ndipo mwina pangakhale kandalama kochepa, koma si mtengo wa loya wa m'tauni. Mukafika musayambe ndi nkhani yaitali ya mabatire, yambani ndi "mlongo wanga ali m'selo masiku 12 sanaonekere kukhoti". Mawu amenewo ndi amene amadzutsa loya pampando.

Chimene loya adzapange ndi afidaviti, pepala la lumbiro. Mwa lamulo lake amayenera kulumbira ndi wotsekeredwayo mwini, koma ngati sangathe chifukwa ali m'kati, wachibale ngati inu atha kulumbira m'malo mwake nkufotokoza chifukwa chimene mwiniwake walephera. M'menemo mumalowa zinthu zooneka: dzina lake lonse monga lilili pa reji, tsiku ndi ola limene anatengedwa, anatengedwera kuti, ali pa polisi iti, anauzidwa chiyani, kuti sanapite kukhoti, masiku amene munapempha bondi ndi mayankho ake. Musaikemo zimene simunaone ndi maso kapena kumva ndi makutu anu popanda kunena amene anakuuzani, ndipo musakometse. Mukanena kuti sanamuuze kalikonse pomwe iye anasaina sitetimenti tsiku lachiwiri, mbali inayo idzatulutsa pepalalo ndipo jaji adzayamba kukayikira zonse.

Loya akapereka mapepala ku rejisitiri amaikapo ndi kosonyeza kuti nkhani ndi yachangu, chifukwa za ufulu wa munthu siziima pamzere umodzi ndi milandu ya malire a munda. Poyamba loya amaonekera yekha kwa jaji. Jaji atha kulamula pomwepo kuti munthu abwere naye, koma kawirikawiri amaika tsiku lapafupi kuti a boma nawonso abwere ayankhe, ndiye mapepala amaperekedwa kwa mkulu wa polisi uja ndi ku ofesi ya Atone Jenero poti ndi amene amaimira boma likasumiridwa. Ndondomeko imeneyi tinatengera ku Mangalande, maloya amaitchula kuti Oda 54, kwawoko lamulo lake lotchuka ndi la 1679.

MwanaWaLoo_UNZA
Kuonjezera pa a Kalaliki, pepalalo likafika kwa amene akusunga munthu nkulinyozera, ndi kunyoza khoti, iyeyo atha kulangidwa. Ndiye si kalata yopempha ngati ya kwa ahedi.

Jaivi_Navutika
Munamuonapo wapolisi atamangidwa chifukwa chonyoza khoti inu? Za m'buku izo

MwanaWaLoo_UNZA
Sindinanene kuti zimachitika tsiku lililonse. Koma palibe ofisa amene amafuna dzina lake liitanidwe ndi jaji

Bwana_Litaya
Mwanayu akunena zoona. Pepala la Hayi Khoti likafika pa siteshoni mpweya umasintha, mafoni amayamba kulira kuchokera kumwamba, doketi imene inasowa sabata yonse imapezeka mu dirowa. Mai Chiko chinthu china, mufunse mlongo wanu ngati anamulemba m'buku tsiku limene anafika. Pa siteshoni pali buku la zochitika lija timati OB ndi lina lolembamo ogwidwa ndi katundu wawo. Tsiku lolembedwa m'menemo ndi limene lidzawerengedwe. Mufunsenso ngati anamuwerengera chenjezo nkumusainitsa, chifukwa ena amakhala atatsegulidwa kale mlandu iwo osadziwa, amangoti "anandilembetsa pepala".

Tate_wa_Mapasa
Ndiye ine mwana wanga ali pa rimandi ku Namuseche mwezi wa 7 uno, mlandu wa kuba ndi zida, akungosinthasintha masiku. Ndikapange habeyasi kopasi yomweyi atuluke?

Kalaliki_Wakale
Atate pepani, yanuyo ndi ina. Mwana wanu anaonekera kukhoti ndipo ndi khoti limene linasaina walanti yomusunga. A ndende akafunsidwa adzangotulutsa walantiyo, jaji adzati kusungaku kuli ndi lamulo, pempho lagwa. Habeyasi kopasi si apilo ndipo si njira yolambalala belo. Chovutanso ndi choti mlandu mwatchulawo uli m'gulu limodzi ndi kupha munthu ndi kuukira boma, imene lamulo limakaniza belo. Chimene loya angakankhe ndi kuchedwako, poti Atikolo 13 yomweyo imanenanso za munthu amene sakuzengedwa mlandu m'nthawi yoyenera, koma imeneyo ndi nkhondo ina yovutirapo ndipo sindikulonjezani kanthu. Kaonaneni ndi a Ligo Edi muli ndi nambala ya mlandu ndi masiku onse amene unasinthidwa.

WaKuLundazi
Ndiye chinthuchi nchopanda mano. Apolisi akangomva kuti mwapita kwa jaji athamangira naye kwa majisitireti basi zatha

Kalaliki_Wakale
Nthawi zambiri ndi mmene zimathera, inde. Koma tafunsani munthu amene ali m'selo ngati kupita kwa majisitireti nkopanda pake. Kumeneko mlandu umawerengedwa poyera, atha kupempha belo, ali ndi tsiku lodziwika. M'selo alibe chilichonse mwa izi.

AnaPhiri_Magazine
Ine ndaphunzirapo, ndimati za mitembo ndithu. Mai Chiko mumuikireko sopo ndi mankhwala a udzudzu mu kontenamo, m'maselo muja nsikidzi si masewera

Mphangwe77
Sopo amalola koma lamba ndi zingwe za nsapato amalanda. Musamupatsenso foni mobisa mumuonjezera mavuto

MaiChiko_Kapata
Abale ndabwera ndi lipoti, pepani ndinasowa foni inalibe mabando. Pa Chiweru ndinapita ndi amalume amene ndi aphunzitsi ndi mkulu wa mpingo wathu, mkulu wa polisi anatilandira bwino koma anati sangapereke bondi mpaka mwini makatoni apezeke. Ndinalemba monga munanenera. Pa Mande ndinapita ku Ligo Edi, ndinadikira mpaka masana koma anandithandiza, loya wachitsikana anapita yekha kukamuona m'selo ndiye afidaviti ndinalumbira ine pa Chiwiri m'mawa nkupereka kukhoti tsiku lomwelo. Jaji anaika pa Chisanu kuti onse abwere. Mapepala anafika kupolisi pa Chitatu. Pa Chinayi m'mawa ndikupita ndi nsima ndinangouzidwa kuti thamangani kwa majisitireti m'bale wanu ali kumeneko. Amutsegulira mlandu wa kuba, wakana, majisitireti wapereka belo ndi omuimirira awiri a pa ntchito. Masiku onse akwana 15.

Nyamazai_Petauke
Mulungu ndi wabwino asisi. Ndalira ngati ndi wanga

WaKuLundazi
Mwaona zimene ndinanena? Mlandu ulipobe. Habeyasi yanuyo yapindula chiyani, jaji sanamutulutse ndi iye

Bwana_Litaya
Masiku 13 doketi osayenda, pepala lafika pa Chitatu, pa Chinayi munthu ali kukhoti. Inu mukuti anayendetsa ndi mphepo?

Jaivi_Navutika
Koma pamenepa a Lundazi ali ndi mfundo pang'ono. Mwina akanangokhala chete akanamutulutsa opanda mlandu atatopa naye, manje poti mwawaputa amumata mlandu wa kuba kuti adziteteze. Ine ndikuona choncho

Kalaliki_Wakale
Zimenezo sindingakane kuti sizichitika, ndinaonapo milandu yotsegulidwa mothamanga imene inadzafera m'njira umboni utasowa. Koma "akanatopa naye" ndi tsiku liti a Jaivi? La 20? La 40? Amene akugona pa simenti ndi amene angayankhe. Mai Chiko, pa Chisanu kwa jaji kunachitika chiyani?

MaiChiko_Kapata
Sizinatenge ndi mphindi 10. A boma anati munthuyu waonekera kale kukhoti ndipo wapatsidwa belo, loya wathu anavomera kuti pempho lilibenso ntchito, basi tinatuluka. Ine ndimayembekezera kuti jaji awakalipira pa masiku 15 aja koma sanatero, mtima unandiwawa pang'ono

MwanaWaLoo_UNZA
Za masiku 15 zili ndi khomo lake amai. Atikolo 13 yomweyo imati wogwidwa kapena kusungidwa mosatsata lamulo ayenera kulipidwa chipukuta misozi, koma ndi mlandu wina wosumira boma, osati pa pempho lija. Kabuku kanu kaja musataye. Muthanso kukadandaula ku bungwe loona za ufulu wa anthu, ali ndi ofesi kuno, kapena ku komishoni yolandira madandaulo okhudza apolisi.

Mphangwe77
Kusumira boma kkkk ndalama yake adzadya ndi adzukulu

Gogo_wa_UNIP
Adzukulu nawonso ndi anthu

Kalaliki_Wakale
Ine ndingati za kusuma zidikire, mumalize kaye wa mabatirewu, loya akuuzani nthawi yake. Chachikulu manje asaphonye tsiku la khoti ngakhale limodzi, olo adwale atumize womuimirira ndi pepala la kuchipatala, akaphonya belo imafafanizidwa ndipo akalowanso ulendo uno ndi walanti ya khoti, habeyasi kopasi sidzamuthandiza. Watuluka kale kapena?

MaiChiko_Kapata
Sanatuluke atate ndi chimene ndabwerera. Amalume awalandira koma mkulu wa mpingo amukana ati alibe kalata ya kuntchito poti ndi mlimi, ndiye mlongo wanga agona ku rimandi mpaka tipeze wachiwiri. Loya akuti tikalephera pofika pa Chiwiri akapempha majisitireti afewetse. Njinga nayonso aisunga ati ndi umboni, mwini njinga akundiimbira foni kawiri pa tsiku kufuna ndalama yake ya sabata

Tate_wa_Mapasa
Za njinga ija mufunse loya yemweyo, kapena nayonso ili ndi habeyasi kopasi yake?

MwanaWaLoo_UNZA
Ayi atate imeneyo ndi ya anthu chabe kkk, za njinga amapempha kwa majisitireti amene akuzenga mlandu

AnaPhiri_Magazine
Asisi amuna anga amagwira ku khonsolo, ndilankhula nawo akabwera madzulo ano. Koma ndifunse kaye a Kalaliki, mnyamatayu akathawa amene amamangidwa ndi womuimirira kapena amangolipira ndalama ija? Chifukwa bambo a kuno akamva za selo sadzandimvera nkomwe